Kukumbutsa Mlendi za Lendi Yochedwa

Pa 5 padutsa, lendi sinalowe. Kodi mwini nyumba alembe bwanji uthenga wa pafoni popanda kuipitsa ubale?

Uthenga wabwino umayamba ndi moni, kenaka umatchula mwezi, kuchuluka kwa ndalama, tsiku lomwe munagwirizana ndi njira yolipirira. Tiyerekeze kuti lendi ndi K80,000:

"Mwaswera bwanji bambo? Ndimati ndikukumbutseni kuti lendi ya Juni, K80,000, sinafikebe, ndipo tsiku lathu la pa 5 lapitirira. Chonde tumizani pa Airtel Money pofika Loweruka. Ngati pali chovuta, tiyeni tikambirane. Zikomo."

Mawu azilemera malinga ndi kuchedwako. Sabata yoyamba, "sinafikebe" kapena "yachedwerapo" akukwanira, chifukwa mwina malipiro a mlendiyo ndiwo achedwa kuntchito. Mwezi ukatha, nenani kuti "yatsalira m'mbuyo". Miyezi ikawunjikana, tchulani poyera kuti "ngongole ya miyezi iwiri yafika K160,000".

Musaopseze kuti muchotsa chitseko kapena kudula madzi, ndipo musatume ana kapena kulemba pagulu la WhatsApp. Sungani uthenga uliwonse, pakuti nkhani ikafika kwa mfumu kapena kukhothi udzakhala umboni wanu.