Kupeza Malo mu Foni Pamene Apu Ikukana Kulowa

Foni ya Android ikakana kulandira apu yatsopano n'kulemba kuti malo ndi osakwanira, nthawi zambiri imakhala isanadzaziretu. Foni imadzisungira malo ena, mwina ofika 500 MB, kuti izitha kugwira ntchito, ndipo apu ikamalowa imafuna malo oposa kukula kwake chifukwa imayamba yadawunilodedwa kenako n'kumasulidwa. N'chifukwa chake foni ya 16 GB yomwe yatsala ndi 300 MB imatha kukana apu ya 80 MB yokha. Mwini foni yotere amafunika kuchotsa zinthu mpaka malo opanda kanthu afike cha m'ma 1 GB. Kuchuluka kwa malo otsala kumaoneka pa Settings, pagawo la Storage.

Poyambira pabwino ndi kashe. Izi ndi zithunzi, tizidutswa ta mavidiyo ndi masamba zomwe apu imasunga kuti mawa isadzazikokenso pa intaneti. Chrome, Facebook ndi TikTok zimaunjika kashe wochuluka, nthawi zina mazana a MB pa apu imodzi. Munthu amalowa pa Settings, n'kupita pa Apps, n'kusankha apuyo, kenako Storage, n'kudina Clear cache. Kuyambira pa Android 8.0, batani lochotsa kashe yense nthawi imodzi linachotsedwa, choncho ntchitoyi imachitika apu ndi apu, kuyambira zikuluzikulu.

Pambali pa batanili pali lina lolembedwa Clear data kapena Clear storage, ndipo ambiri amapsa nalo. Limeneli limabwezera apu mmene inalili tsiku lomwe inalowa: akaunti imatuluka, zonse zomwe munthu anakonza zimafufutika. Pa WhatsApp, mauthenga omwe sanasungidwe kwina amatha kupita osabweranso, ndipo nambala imafunika kutsimikizidwanso. Kuchotsa kashe kulibe ngozi yotere, koma phindu lake ndi la kanthawi. Kashe amabwerera pakangopita masiku, ndipo pobwerapo amadya bandulo.

Malo enieni amapezeka mu WhatsApp. Magulu a kutchalitchi, a kumudzi ndi a kuntchito amatumiza mavidiyo tsiku lililonse, ena obwerezabwereza, ndipo foni imangolandira. Mkati mwa WhatsApp, pa Settings, Storage and data, kenako Manage storage, pamaoneka mafayilo oposa 5 MB ndi omwe atumizidwa kambirimbiri. Mavidiyo makumi awiri a 30 MB akachotsedwa, pamapezeka 600 MB, zomwe pa foni ya 16 GB ija zikukwana kale. Ndi nzeru kuzimitsanso Media auto-download ya mavidiyo kuti asamalowe okha. Zithunzi zochotsedwa mu Gallery nazo zimafuna kutsatiridwa, chifukwa mafoni ambiri amayamba azisunga mu Trash kwa masiku 30, zikudyabe malo.

Memore khadi imathandiza, koma osati mmene ambiri amaganizira. Kungoiika mu foni sikuwonjezera malo a maapu. Zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo ndi zomwe zimasamuka mosavuta kudzera pa Files kapena File Manager, ndipo kamera ingauzidwe kuti izisungira pakhadipo. Kusamutsa apu kumachitikira pa Storage ya apuyo, pomwe pamakhala batani la Change, kapena Move to SD card pa mafoni akale. Batanili likasowa ndiye kuti wopanga apu kapena wopanga foni sanalole. Maapu obwera ndi foni sasuntha, WhatsApp nayonso siyisuntha. Ngakhale apu yololayo imasiya mbali ina mu foni, motero malo opezeka amakhala ochepa kuposa kukula kwake, ndipo khadi ikachotsedwa apuyo siyitsegukanso mpaka khadi itabwezedwa.

Android 6.0, yomwe inatuluka mu 2015, inabweretsa njira ina yoti khadi isanduke mbali ya malo a mkati, pogwiritsa ntchito Format as internal. Njirayi imafufuta zonse zomwe zili pakhadi n'kuimanga ku foni imodzi yokha, moti singawerengedwenso pa kompyuta kapena pa foni ina. Mafoni ambiri a Samsung alibe njirayi. Imafunanso khadi yothamanga, yokhala ndi chizindikiro cha A1 kapena A2. Khadi yochedwa imachititsa maapu kuima-ima, ndipo zachinyengo, zolembedwa 64 GB pamene mkati muli malo ochepa, zimadziwika ndi zithunzi zomwe zimayamba kukana kutseguka khadi isanadzaze.

Zonsezi zikachitika koma Play Store n'kumakanabe, kuchotsa kashe wa Play Store yomweyo ndi kuzimitsa foni n'kuiyatsanso kumathetsa vutoli kawirikawiri. Pa foni ya malo ochepa, maapu osagwiritsidwa ntchito ndi ofunika kuwachotseratu, ndipo Facebook Lite imadya malo ochepa kwambiri poyerekeza ndi Facebook yaikulu.