Sitetimenti yabodza imagwidwa ndi masamu

Nyengo yokolola nandolo ikafika, ku Luwani m'boma la Neno sikusowa ogula ochokera ku Zalewa ndi ku Blantyre. Ena amabwera ndi ndalama m'manja, koma ena amangoonetsa sitetimenti ya kubanki pa foni n'kumati: "Ndalama zilipo bambo, pakizani matumbawo, ndikulipirani Lachisanu."

Musafulumire kukomedwa ndi chizindikiro cha banki chili pamwambacho. Chimenecho aliyense atha kukopera. Chomwe chimawavuta akamberembere ndi masamu.

Sitetimenti imakhala ndi mizati itatu ya ndalama. Pa Debit pamalembedwa zotuluka, pa Credit zolowa, ndipo pa Balance zotsala. Mzere uliwonse umadalira wapamwamba pake: mukatenga zotsala zam'mbuyo, n'kuphatikiza zolowa, n'kuchotsa zotuluka, yankho liyenera kufanana ndi zotsala za mzere umenewo, mpaka tambala.

Tiyerekeze kuti akaunti inali ndi K420,000. Kenako mwalowa K85,000, zotsala n'kukhala K505,000. Mawa lake mwatuluka K60,000, kutsala K445,000. Wachinyengo akufuna aoneke wolemera, ndiye akuika 9 kutsogolo kwa K85,000 kuti ikhale K985,000, n'kusintha zotsala zomaliza kukhala K1,345,000. Koma wayiwala mzere wapakati, womwe ukunenabe K505,000 m'malo mwa K1,405,000. Nambala imodzi ikasinthidwa, mizere yonse yapansi pake imafunika kusinthidwanso, ndipo apa m'pomwe ambiri amapunthwa. Choncho tengani kakyuleta ya pa foni, muyambe pamwamba, musadumphe mzere.

Mukatha masamu, kulitsani chithunzicho. Makina a banki amalemba manambala onse mofanana, ndipo madontho olekanitsa kwacha ndi tambala amatsika molunjika ngati chingwe cha mmisiri womanga. Nambala yochita kuikapo imadziulula: imakhala yonenepa kapena yakuda kuposa zinzake, yathinana ndi yoyandikana nayo, kapena yakwera pang'ono. Yerekezani 1, 4 ndi 7 wa pamenepo ndi wa m'mizere ina. Nthawi zina kuseri kwa nambalayo kumaoneka kachigamba koyera kuposa pepala lonse.

Komatu tisanamizane. Katswiri atha kukonza masamu onse bwinobwino, ndipo chithunzi chodutsa pa WhatsApp chimafika chosaoneka bwino moti zipsera zimabisika. Ngakhale sitetimenti yeniyeni imangonena za tsiku lomwe inatuluka; ndalamazo mwina zinali zobwereka ndipo zinabwezedwa kale.

Banki singakuuzeni za akaunti ya munthu wina mwiniwake palibe. Ndiye ngati katunduyo ndi wambiri, pitani naye limodzi kubanki ku Mwanza akatulutse sitetimenti ina inu mukuona. Akayamba zoti "ndili pachangu", matumba asatuluke m'nyumba mpaka ndalama zitalowa mu akaunti yanu kapena pa foni yanu, mutadzionera nokha.