Ndime imodzi yonyamula kafukufuku wa chaka chonse

Wophunzira wa utolankhani akafika chaka chomaliza pa sukulu yaukachenjede, kaya ndi ku UNIMA ku Zomba kapena ku MUBAS ku Blantyre, amalemba buku la kafukufuku lomwe ophunzirawo amalitchula kuti dizeteshoni. Bukulo limakhala la masamba makumi angapo, koma anthu ambiri amawerenga ndime imodzi yokha, ija imakhala koyambirira, masamba a mitu ikuluikulu asanayambe. Kusukuluko amati abusitirakiti. Ife tingoti chidule. Nthawi zambiri chimakhala cha mawu apakati pa 150 ndi 300, kutengera malamulo a sukulu, ndipo chimayenera kuyankha mafunso anayi: unkafuna kudziwa chiyani, unafufuza bwanji, unapeza chiyani, nanga zimene unapezazo zithandiza ndani.

Ngakhale chimakhala koyambirira, chidule chimalembedwa pomaliza. Wochilemba kafukufuku asanathe amadziwika msanga, chifukwa ziganizo zake zimangolonjeza: kafukufukuyu aona zakuti, adzafufuza zakuti. Woyesa mayeso akaona zotere amadziwa kuti mwana wangokopera zomwe analemba popempha chilolezo choti ayambe kufufuza.

Tiyerekeze kuti pali mtsikana wina amene wafufuza momwe ochita malonda mumsika wa Limbe amamvera nkhani kudzera pa foni zam'manja. Mtsikanayu ndi manambala ake onse ndi ongoyerekeza, cholinga n'chakuti tione momwe ntchitoyi imayendera. Chiganizo chake choyamba, pa ulendo woyamba, chingakhale chonena kuti masiku ano luso lamakono lasintha dziko lonse lapansi. Chiganizo chotere chadya mawu asanu ndi atatu osauza munthu kanthu, ndipo mphunzitsi womuyang'anira adzachikhwatcha. Chofunika n'kuyamba ndi cholinga chenicheni: kafukufukuyu anafuna kudziwa njira zomwe ochita malonda mumsika wa Limbe amalandirira nkhani pa foni, komanso chomwe chimawachititsa kukhulupirira nkhani ina n'kukayikira ina. Anthu atchulidwa, malo atchulidwa, funso lamveka.

Koma mawu oti "nkhani pa foni" ndi oterera, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Mayi wogulitsa tomato amene walumikiza mahedifoni ku kafoni kake ka mabatani n'kumamvera Zodiak kapena MBC, akumva nkhani pa foni, koma sakugwiritsa ntchito intaneti ngakhale pang'ono. Mnyamata wogulitsa kaunjika amene wagula bandulo ya WhatsApp ya TNM kapena Airtel amalandira chithunzi cha tsamba loyamba la nyuzipepala pa gulu la anzake, koma bandulo yotereyi simulola kutsegula tsamba la pa intaneti la nyuzipepalayo kuti awerenge nkhani yonse. Wina foni si yake, amabwereka ya mkazi wake madzulo. Atatuwa akafunsidwa ngati amamva nkhani pa foni, onse adzayankha kuti eya, chonsecho akuchita zinthu zitatu zosiyana. Ndiponso mawu oti nkhani m'Chichewa ndi otambalala: uthenga wa maliro ndi nkhani, mtengo wa chimanga ndi nkhani, zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo ndi nkhaninso. Chidule chabwino chimanena m'mawu ochepa zomwe wofufuza anawerengera ndi zomwe anasiya kunja.

Kenaka pamabwera njira yofufuzira. Mtsikana uja alembe kuti anafunsa anthu 120 maso ndi maso pogwiritsa ntchito pepala la mafunso, n'kuchezanso mwakuya ndi anthu 12 mwa iwo, m'miyezi yakutiyakuti ya chaka chakuti. Anenenso momwe anawasankhira. Ngati ankangofunsa aliyense amene wavomera kuyankhula naye, anene choncho, palibe chamanyazi. Cholakwa n'kubisa. Ophunzira ambiri amakonda kuika mafunso pa Google Forms n'kuwamwaza m'magulu a WhatsApp chifukwa n'kosaboola m'thumba, kenaka n'kulemba m'chidule kuti pafupifupi onse amalandira nkhani pa WhatsApp. Nanga akanayankha bwanji mwina? Kuli ngati kuima pa khomo la tchalitchi Lamulungu n'kumafunsa otuluka ngati amapemphera. Mayi wa kafoni ka mabatani uja mafunsowo sanamufike n'komwe.

Pali vuto linanso lomwe akatswiri amalidziwa bwino: anthu amakonda kuwonjezera akafunsidwa kuti amatsata nkhani kangati. M'chaka cha 2009, Markus Prior wa pa yunivesite ya Princeton ku America anafananitsa mayankho a anthu ndi manambala a makina oyeza oonera wailesi yakanema, ndipo anapeza kuti anthu onena kuti amaonera nkhani zamadzulo anali ochuluka pafupifupi katatu kuposa amene makinawo amawaonetsa. Sikuti onse amanama dala. Munthu amaiwala, komanso safuna kuoneka wotsalira. Choncho chidule chilembe kuti anthu ananena kuti amawerenga, osati kuti amawerenga. Kusiyana kwake ndi mawu awiri okha, koma woyesa wodziwa ntchito amawayang'ana.

Gawo la zopeza ndilo liyenera kutenga malo aakulu, mwina theka la chidule chonse, koma kawirikawiri ndilo limakhala lopanda mnofu. Munthu amalemba kuti kafukufukuyu wapeza zinthu zosiyanasiyana zochititsa chidwi, basi n'kulekera pomwepo, ngati woitana alendo ku nsima n'kuwaonetsa mbale zovundikira. Mtsikana wathu avundukule: anthu 78 mwa 120, omwe ndi 65 pa 100 aliwonse, ananena kuti nkhani imawapeza koyamba kudzera m'magulu a WhatsApp, koma ambiri mwa amene anacheza nawo mwakuya anati sayikhulupirira mpaka atayimvanso pa wailesi. Kutchula 78 mwa 120 n'kofunika, chifukwa peresenti yokha imabisa kuchepa kwa anthu ofunsidwa. Ndipo manambalawa afanane ndendende ndi amene ali m'mutu wa zopeza m'kati mwa bukulo. Zimachitika kuti munthu wakonza tebulo usiku womaliza n'kuiwala chidule, ndiye koyambirira kuli 65, m'kati muli 61.

Chiganizo chomaliza, chonena za phindu la kafukufuku, ndicho chimakopa munthu kudzitama. Wafunsa anthu 120 mumsika umodzi, koma akulemba kuti Amalawi asiya kumvera wailesi, kapena kuti foni ndizo zikufalitsa mabodza m'dziko muno. Mafunso ofunsidwa kamodzi sangatsimikize kuti chakuti chinayambitsa chakuti, ndipo msika wa Limbe si Nsanje kapena Chitipa. Zomwe mtsikanayu angathe kunena n'zochepa koma zogwirika: kwa ochita malonda amene anafunsidwa, wailesi ikugwirabe ntchito yotsimikizira nkhani zofika pa WhatsApp, choncho nyumba zoulutsa mawu zofuna kuwafikira ziganizire zotumiza nkhani zazifupi zolembedwa kapena zojambulidwa mawu m'malo mwa maulalo omwe bandulo yawo singatsegule. Mkonzi wa nkhani angathe kuchitapo kanthu pa chiganizo chotere mawa lomwe.

M'chidule simulowa matebulo, mndandanda wa mabuku owerengedwa, kapena mfundo yomwe m'bukumo mulibe. Inu amene muli ndi mwana kapena m'bale amene akulemba chake chaka chino, mupempheni akuwerengereni ndime imeneyi mokweza n'kuimasulira m'Chichewa. Akamaliza mumufunse kuti anafunsa anthu angati, kuti, ndipo anamuuza chiyani. Ngati mayankho atatuwa mulibe m'ndimemo, abwererenso pa tebulo asanakapereke bukulo.