Nambala Yachinsinsi Siitchulidwa Pakamwa

Amalonda a pa msika wina atasonkhana kuti amve za kasungidwe ka ndalama za pafoni, mayi wina amene wagwira ntchito ya uejenti kwa zaka zambiri anawauza kuti lamulo ndi limodzi lokha: manambala anayi aja amalembedwa ndi chala cha mwini wake, satchulidwa pakamwa.

Mayiyo anafotokoza kuti pini imafunika pokhapokha munthu akulowa yekha m'thumba lake, monga potumiza ndalama, potapa, polipira katundu kapena poona zotsala. Koma polandira ndalama, ngakhalenso poika ndalama kwa ejenti, pini siifunika konse. Choncho aliyense wonena kuti ndalama sizilowa mpaka mwini atchule pini, ameneyo ndi wakuba.

Pa za kutapa, iye anati wamalonda ayenera kuimba yekha `*211#` ngati ali pa Airtel Money, kapena `*444#` ngati ali pa Mpamba, n'kulemba nambala ya ejenti ndi kuchuluka kwa ndalama, kenaka pini, ataphimba foni ndi dzanja. Ambiri, pochita changu kuti abwerere ku benchi, amapereka foni kwa ejenti n'kumutchulira pini. Pamenepo munthu wapereka nyumba pamodzi ndi kiyi, pakuti wogwira foniyo angathe kulemba K30,000 mwini atapempha K20,000.

Kenaka anapereka chitsanzo cha wogulitsa tomato amene ali ndi K60,000 m'foni. Ukubwera uthenga woti walandira K45,000, ndipo posakhalitsa wina akuimba modandaula kuti walakwitsa nambala. Winanso akuimba kunena kuti ndi wa ku kampani, nayamba kumuuza manambala oti adine kuti ndalamazo zibwerere. Akafika polemba pini, ndiye kuti watumiza ndalama zake zomwe, natsala ndi K15,000, chifukwa K45,000 ija siinalowe n'komwe.

Bodzali limadziwika m'njira ziwiri. Uthenga woona umabwera m'dzina la kampani, pamene wabodza kawirikawiri umachokera pa nambala wamba. Chachiwiri, munthu adule foni ndi kuona yekha ndalama zotsala. Ngati zikadali K60,000, palibe chimene chalowa. Ngati zalowadi molakwika, wotumizayo akadandaule ku kampani, pakuti kubweza ndi ntchito ya kampaniyo.

Pomaliza anachenjeza kuti chaka chobadwa kapena 1234 si pini yabwino, chifukwa wotola foni amayamba kuyesa zimenezo. Amene watchulira wina pini aisinthe tsiku lomwelo. Ndipo foni ikasowa, kapena netiweki ikazima pa foni yake yokha pamene za anzake zikugwira, athamangire ku ofesi ya kampani ndi chiphaso chake, chifukwa mwina wina watulutsa simu yatsopano pa nambala yakeyo.