Ndudu ikulimbana ndi mankhwala anu a shuga

Amene amapita kukiliniki ya shuga pachipatala chachikulu cha pa Chiradzulu Boma amaudziwa bwino mndandanda wa mafunso: mukudya nsima yochuluka bwanji, m'tiyi mukuthirabe shuga, mapiritsi mukumwa pa nthawi yake? Za fodya ambiri amaziona ngati nkhani ya chifuwa ndi mapapo, yosakhudzana ndi kadontho ka magazi komwe abaya pachala. Apa ndi pamene timalakwitsa. Kwa munthu wa shuga, ndudu imavulaza pawiri: imakweza shuga m'magazi, komanso imapanikiza mitsempha yomwe shugayo wayamba kale kuiwononga. Kusiya fodya ndi mbali ya mankhwala enieniwo, osati kalangizo kongowonjezera.

Nsima ikagayika imasanduka shuga m'magazi, ndipo insulini yochokera m'kapamba ndi imene imatsegulira shugayo njira kuti alowe m'minofu kukagwira ntchito. Nikotini wa m'fodya amachititsa thupi kutulutsa timadzi ta mantha, tija timathamangitsa mtima munthu akadzidzimuka. Timadziti timauza chiwindi kuti chithire shuga wina m'magazi, kwinaku minofu ikuchita ukhutukumve, osamvera insulini. Ndiye piritsi la metifomini likuyesetsa kutontholetsa chiwindi, ndudu ikuchiutsa. Lipoti la mkulu wa zaumoyo m'boma la Amereka la mu 2014 linatsimikiza kuti mwayi wodwala shuga wa mtundu wachiwiri ndi wokwera ndi 30 mpaka 40 peresenti kwa osuta poyerekeza ndi osasuta. Kuno kwathu, kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse wa mu 2009 anapeza kuti akulu 5.6 peresenti anali ndi shuga, ndipo pafupifupi bambo mmodzi mwa anayi alionse ankasuta. Magulu awiriwa sangalephere kukumana.

Koma kumene nkhaniyi imaonekera ndi maso ndi kuphazi. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga minyewa yomvera, kuyambira kuzala zakuphazi. Poyamba mapazi amaotcha usiku kapena kubayabaya ngati singano, kenako amachita dzanzi. Fodya amagwira mbali ina: nikotini amafinya mitsempha ya magazi, utsi umakanda mkati mwake mpaka mafuta n'kumamatirira, ndipo mpweya wapoizoni wa kaboni monokisaidi umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, poti umagwira zolimba kuposa mpweya wabwinowo maulendo opitirira 200. Phazi ndiye limakhala ngati mudzi wa kumapeto kwa paipi ya madzi: mphamvu ikachepa, mpopi wawo ndi umene umayamba kuuma.

Tiyerekeze bambo wa zaka 55, wa shuga, wosuta chingambwe, amene amayenda wapansi kupita kumsika wa pa Boma atavala mapatapata. M'nyengo yozizira ya Juni, kuja kumaomba mphepo kuchokera m'phiri la Chiradzulu, akuwotha moto mapazi ali pafupi ndi mbaula. Sakumva kuti akupsa. M'mawa pachidendene pali thuza, mawa lake laphulika. Kwa munthu wina kabalaka kakanauma pakangopita masiku, koma apa magazi obweretsa chakudya ndi asilikali a m'thupi akufika ochepa, ndipo shuga wokwerayo akufooketsa asilikali ochepa omwewo. Pakutha milungu iwiri bala lakula, likutuluka mafinya ndi fungo, koma poti silikupweteka, bamboyo akuti ndi kabala chabe. Ngakhale atamwa mankhwala opha tizilombo, mankhwalawo amayenda ndi magazi, ndiye pabalapo afika movutikira. Chala chikada bii, nkhani imasanduka yodula. Chomvetsa chisoni n'chakuti thupi linali litachenjeza kale: akatumba kupweteka pokwera chitunda n'kusiya akangoima, phazi lozizira kuposa linzake, ubweya kuthothoka pamiyendo. Dokotala akagwira pamwamba pa phazi kapena kuseri kwa kakolo n'kupeza kuti mtsempha sukugunda, ndiye kuti njira ya magazi yayamba kutsekeka.

Za maso tinene mosakokomeza. Kuseri kwa diso kuli kansalu kolandira kuwala, kodzaza timitsempha tosaoneka ndi maso. Shuga wokwera ndi kuthamanga kwa magazi zimatiboola mpaka timadontha madzi ndi magazi, ndipo izi zimatha kuchitika zaka munthu akuona bwinobwino. Umboni woti fodya amafulumizitsa vutoli ndi wamphamvu kwa odwala shuga wa mtundu woyamba. Kwa a mtundu wachiwiri akafukufuku amasiyana maganizo. Komabe wosuta asapumire pamenepo. Fodya amafulumizitsa ng'ala, yomwe kale imabwera msanga kwa anthu a shuga, amawononganso pakati pa kansalu kaja, pomwe timawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Ndiponso chilichonse chokweza shuga chikuthira nkhuni pamoto womwewo. N'chifukwa chake wodwala shuga amayenera kuunikidwa m'maso kamodzi pachaka atamuthira mankhwala okulitsa mwanadiso, ngakhale zitafunika kupita kuchipatala cha maso cha ku Gulupu ku Blantyre.

Wina anena kuti agogo ake anasuta chingambwe mpaka kuyendera ndodo, miyendo yonse ili mbwee. N'zotheka, koma funso n'lakuti kodi anali ndi shuga? Mitsempha yabwinobwino imapirira zomwe mitsempha yodyedwa ndi shuga singapirire. Ena amati chingambwe n'chachilengedwe, si cha kufakitale, kapena kuti fodya wa m'mphuno ndi wa m'kamwa, yemwe amayi achikulire amakonda, alibe utsi. Nikotini ali m'tsamba lenilenilo, sathiridwa ndi makina. Wopanda utsiyo amachotsa utsi ndi kaboni monokisaidi, koma kufinya mitsempha ndi kugonthetsa minofu kumatsala.

Kutsutsa komwe kuli ndi mfundo ndi kwa amene amati atasiya fodya ananenepa ndipo shuga anakwera. Izi zimachitikadi. Chakudya chimayamba kukoma, mkamwa mumafuna chotafuna, ndiye masiwiti, mandasi ndi zakumwa zotsekemera zimalowa m'malo mwa ndudu. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2015 anapeza kuti shuga amakwera pang'ono chaka choyamba munthu akasiya, koma pofika zaka zitatu kusiyanako kumatha. Kukwera kotereku dokotala amakuwongola posintha mlingo wa mankhwala ndi kadyedwe; mwendo wodulidwa palibe amauwongola. Pali chinanso chofunika kusamala kwa amene amabaya insulini kapena kumwa gilibenikilamaidi. Kunjenjemera, thukuta ndi kupsa mtima zimatha kukhala chibaba cha fodya, zimathanso kukhala shuga wotsikitsitsa, ndipo kusokoneza ziwirizi n'koopsa. Pamene pali kamakina, yezani. Shuga akatsika pansi pa 4 pamakina owerenga mmol/L, kapena 70 pa owerenga mg/dL, imwani chotsekemera nthawi yomweyo. Ngati palibe poyezera, chitani ngati shuga watsika.

Nanga kungochepetsa, ndudu ziwiri patsiku? N'poyambira, koma mitsempha ya magazi imavulala kwambiri ngakhale ndi ndudu zochepa, choncho cholinga chikhale kusiyiratu. Phindu loyamba silichedwa: pakangotha tsiku limodzi osasuta, kaboni monokisaidi wambiri amakhala atachoka m'magazi.

Tsiku lanu lakukiliniki likakwana, musadikire kufunsidwa. Auzeni adokotala kuti mumasuta komanso tsiku limene mwasankha kusiya, vulani nsapato zonse ziwiri kuti akuoneni mapazi, ndipo funsani kuti maso mukaunikitse liti. Ngati pali bala kale, ngakhale losapweteka, pitani mawa lomwe.