Kalata ya mwezi woyamba m'tauni: azakhali aziiwerenga bwanji?

Mtsikana akachoka kumudzi n'kukayamba ntchito ku Lilongwe, makolo amangowauza kuti zonse zili bwino poopa kuwadetsa nkhawa. Amene amamvako zoona ndi azakhali. Komabe ngakhale kwa iwo salankhula mwatchutchutchu, ndiye kalata yake, kaya ndi yapapepala kaya yapafoni, imafunika kuiwerenga mofatsa.

Tiyerekeze kalata ya mtsikana wa ku Ntchisi amene wapeza ntchito m'sitolo ku Area 2 ndipo akuchita lendi ku Chinsapo. Atatha kupereka moni, walemba kuti: "Zakhali, kuno chilichonse n'chogula. Madzi timagula pa kiyosiki, nsima timaphikira makala, ngakhale chisoso chimene kwathu timangothyola m'munda, kuno chili pamtengo."

Chimene azakhali ayenera kukumbukira n'chakuti mwezi woyamba munthu amagwira ntchito asanalandire kanthu. Malipiro amabwera kumapeto kwa mwezi, pamene alandilodi amafuna zawo munthu asanalowe m'nyumba, ena mpaka za miyezi iwiri kapena itatu. Ndalama imene anachoka nayo kumudzi imathera pomwepo.

Tsono tiwerengetsere, mongoyerekeza. Malipiro ndi K150,000, lendi K40,000. Minibasi ikamadya K2,000 patsiku, masiku 26 ogwira ntchito ndi K52,000. Zotsala ndi K58,000, za ufa, ndiwo, makala, madzi ndi sopo. Ngati pakati pa mwezi anatenga katapila wa K30,000 woti abweze K45,000, m'manja mwake mutsala K13,000 yokha, ndipo mwezi wachiwiri adzakongolanso. Umu ndi mmene ngongole imayambira kumanga munthu.

Zoterezi sazilemba poyera, koma zizindikiro zimakhalapo. Akati "masiku ano ndikumapita wapansi kuntchito," ndiye kuti ya minibasi yatha. Akati "masana sindimva njala," ndiye kuti nkhomaliro sakudya. Mawu ofunika kuwatchera khutu kwambiri ndi onena za "bambo ena achifundo" amene akumamulipirira kabaza kapena kumugulira mayunitsi. Apa mpamene azakhali ayenera kuimba foni tsiku lomwelo, chifukwa nkhani zotere mtsikana amamasuka nazo kwa iwo kusiyana ndi kwa bambo ake.

Poyankha, kumukalipira sikuthandiza, amangosiya kulemba. Ndi bwino kufunsa zinthu zenizeni: malipiro anagwirizana zingati ndipo amalandira tsiku liti, akugona ndi ndani, chiphaso chake cha unzika akusunga yekha kapena abwana anamulanda. Bwana wosunga chiphaso cha wantchito kapena wozengereza kutchula malipiro ndi wofunika kumukayikira.

Thandizo logwira mtima ndi thumba la ufa ndi nyemba zotumiza pa minibasi, kapena kangachepe ka pa Airtel Money kapena Mpamba kofika lendi isanakwane. Chinanso n'kuuza abale kumudzi kuti ayambe adikira miyezi ingapo asanapemphe ya feteleza, kuti mwanayo athane kaye ndi ngongole za mwezi woyamba.