Kuyamba Kumwa Klozapini

Klozapini ndi mankhwala amene amapatsidwa kwa wodwala sikizofireniya pamene mitundu ina iwiri ya mankhwala yalephera. Amathandiza kwambiri, koma safuna phuma.

Asanayambe, magazi amayezedwa kuti aone kuchuluka kwa maselo oyera olimbana ndi tizilombo, chifukwa mankhwalawa amatha kuwachepetsa kwambiri. Ku Britain amayeza mlungu uliwonse kwa milungu 18, kenako pa milungu iwiri iliyonse mpaka chaka chitatha, ndiyeno mwezi uliwonse. Zilonda zapakhosi kapena kutentha thupi zikabwera, magazi ayezedwe tsiku lomwelo.

Tsiku loyamba wodwala amamwa mamiligalamu 12.5 okha. Mlingo umakwezedwa pang'onopang'ono, ndi mamiligalamu 25 kapena 50 patsiku, kuti afike pafupifupi 300 m'milungu iwiri kapena itatu. Kufulumira kumadzetsa chizungulire, kukomoka ngakhalenso khunyu. Wodumphitsa kumwa kwa maola oposa 48 amayambiranso pa mlingo wochepa uja.

Kudzimbidwa ndiye vuto limene anthu amalipeputsa, koma limapha. Matumbo amayenda mwaulesi mpaka kutsekeka, ndipo wodwala sadandaula nthawi zonse. N'chifukwa chake namwino ayenera kufunsa mosachita manyazi kuti munthu wapita liti kuchimbudzi, ndipo mankhwala ofewetsa m'mimba amaperekedwa msanga. Mimba yofufuma, yopweteka, pamodzi ndi kusanza, njofunika chipatala mwachangu.

Kutupa kwa mnofu wa mtima kumabwera makamaka m'miyezi iwiri yoyamba. Kumayamba ngati chimfine: kutentha thupi, kufooka, mtima kuthamanga munthu ali chikhalire, kubanika ndi kupweteka pachifuwa. Dokotala amayeza tiroponini m'magazi ndi kagundidwe ka mtima, ndipo akakayikira za vutoli amaimitsa mankhwala nthawi yomweyo.